Mmene mungapezere pamene moto unayambira nyumba ikapsa, ndi chifukwa chake simuyenera kusesa msanga

Nyumba kapena golosale ikapsa kuno ku Mulanje, oyamba kufika amakhala anansi ndi ndowa zawo, achitetezo a m'mudzi, akomiti ya msika, mwina ndi amfumu. Apolisi amafika pambuyo, ndipo wodziwa kufufuza za moto akhoza kubwera patapita tsiku kapena masiku. M'maola amenewo anthu achifundo amakhala atakoka malata, atasesa phulusa, ataunjika zotsala pabwalo, ndipo dzina la munthu wowotcha latchulidwa kale. Malangizo awa ndi a inu amene mumafika poyamba. Sakusandutsani katswiri, koma akuthandizani kudziwa zimene wofufuza amayang'ana, kuti muzisunge, komanso kuti musakhulupirire msanga zimene maso aona pongofika.

Dongosolo la ntchitoyi ndi limodzi: choyamba timapeza pamene moto unayambira, kenako timafunsa chimene chinauyambitsa. Woyamba ndi funso lachiwiri amangopeza zimene mtima wake unaganiza kale.

Kuti tisalankhule za m'mwamba, titenge chitsanzo cha golosale ya njerwa zootcha ndi malata, pa malo a malonda a m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. Ili ndi chipinda chogulitsira cha mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, kauntala ya matabwa pakati, mashelefu kukhoma lakumbuyo, firiji pakona, ndi kachipinda kosungira katundu kuseri. Mwini wake anatseka cha m'ma 8 koloko usiku. Mlonda wa sitolo yoyandikana anaona utsi itadutsa 11 koloko. Kutacha aliyense akuloza pakhomo lakutsogolo, pamene papsa kwambiri, ndi kunena kuti wina anathira petulo pansi pa chitseko.

Gawo 1: Onetsetsani kuti malowo sakuphani

Musalowe moto utangozima. Khoma la njerwa zomangira dothi likatenthedwa ndi kuthiridwa madzi limatha kugwa popanda chenjezo, ndipo mitengo ya denga imene yapsa theka imaoneka yolimba pamene yatsala ndi kamtima kokha. Magetsi azimitsidwe pa mita, ndipo ngati waya wochokera pa polo wagwa kapena wasenda, itanani a ESCOM, wina aliyense asaukhudze. Kumbukirani sola. Mapanelo amapitiriza kupanga magetsi dzuwa likangotuluka ngakhale nyumba yapsa, ndipo batire yotenthedwa ikhoza kuphulika kapena kutaya asidi. Silinda ya gasi ikhale patali ndi anthu mpaka itazizira. Nyumba zina zakale za m'maesiteti zili ndi madenga a asibesitosi, ndipo fumbi lake likasweka ndi loopsa m'mapapo.

Ngati muli mtembo, musausunthe ndipo musauvundikire ndi bulangete lochokera kwina. Ndi zowawa kwa abale, koma mmene wagonera ndi zimene zili pansi pake ndi umboni umene apolisi ndi achipatala okha ndiwo ayenera kuugwira.

Gawo 2: Tchingani malowo, ndipo mulembe amene walowa

Zungulizani chingwe patali ndi nyumbayo, mamita 10 kapena kuposa ngati malo alipo, chifukwa umboni wina umakhala kunja: magalasi a zenera, loko wothyoka, chigubu chotayidwa kuseri, mapazi a m'matope. Ikani munthu mmodzi wodalirika ndi kope. Aliyense wolowa alembedwe dzina, nthawi, ndi chimene wakhudza. Mwini wake naye asalowe yekha, ndipo mumufotokozere mwaulemu kuti zimenezi zikumuteteza iye yemwe, pakuti a inshuwalansi kapena a khothi adzafuna kudziwa ngati palibe chimene chinachotsedwa kapena kuikidwamo.

Kodi kusesa kumawononga chiyani kwenikweni? Zinthu zikamapsa zimagwa motsatana. Chimene chinali pansi moto usanayambe chimakhala pansi penipeni, pamwamba pake pamabwera za pa shelefu, kenako siling'i, pomalizira mitengo ya denga ndi malata. Mulu wa phulusawo umasunga ndondomeko ya zimene zinayamba ndi zimene zinatsatira, ndipo fosholo imodzi imasakaniza zonse. Komanso chinthu chimene chinayambitsa moto chimakhala chaching'ono: kachingwe ka kandulo, kachitsulo koikirapo koyilo ya udzudzu, mano a pulagi, kachidutswa ka waya kosaposa chala. Chikapita kudzala, chapita. Kufufuza m'nyumba imene mwadutsa mudzi wonse kuli ngati kulondola mapazi a mbuzi yobedwa panjira imene padutsa khola lonse la ng'ombe.

Pali chimodzi chimene sichidikira. Petulo amauluka msanga, makamaka ndi dzuwa la Okutobala, choncho ngati pali chikaiko, apolisi auzidwe m'mawa womwewo. Ndipo ndi mvula ya kuno, kapena chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, malowo akazizira bwino kungani lona pamwamba, osaligoneka pa phulusa.

Gawo 3: Funsani anthu, mmodzimmodzi, asanagwirizane nkhani

Mboni ya mtengo wapatali ndi imene inaona moto ukadali waung'ono. Ifunseni payokha: munaima pati, munaona utsi kapena malawi, zikutulukira pati, magetsi anali oyaka kapena ozima, mphepo inkalowera kuti? Musaike yankho m'kamwa mwa munthu pofunsa kuti "munamva fungo la petulo, eti?" Ozimitsa afunsidwe zimene anathyola ndi zimene anatulutsa. Mwini wake ajambule papepala mmene katundu analili potseka, ndipo anene zonse zotentha zimene zinalimo. Pemphaninso zithunzi ndi mavidiyo a pafoni, chifukwa achinyamata amajambula moto uliwonse, ndipo foni imasunga nthawi.

Pa golosale yathu ija, mlonda akuti utsi unkatuluka pansi pa malata kumbuyo, mbali ya kumanzere, ndipo kutsogolo kunalibe malawi. Anyamata awiri akuti anathyola chitseko chakutsogolo ndi nkhwangwa kuti athire madzi, ndipo atangotsegula moto unakula n'kuwathamangitsa. Anansi onse akuti magetsi anazima madzulo ndipo anabwera m'mawa. Lembani zonsezi, koma musaweruze nazo. Anthu amaiwala, ena amaopa. Zimene anena tidzaziyesa ndi zimene makoma akusonyeza.

Gawo 4: Zungulirani kunja, ndipo mujambule musanakhudze

Jambulani mbali zonse zinayi muli patali, kenako pafupi. Chinthu chaching'ono chijambulidwe kawiri, koyamba pamodzi ndi malo ake, kachiwiri pafupi mutaika rula kapena ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kudziwike.

Yang'anani mwaye pamwamba pa mazenera ndi zitseko, umene umasonyeza pamene utsi unkatulukira. Yang'anani malata. Zinki yokutira malata imasungunuka pa madigiri pafupifupi 420, motero pamene kutentha kunakhalitsa malata amasintha mtundu, amapindika, ndipo amachita dzimbiri m'masiku ochepa pamene ena akadali owala. Onani magalasi a zenera. Galasi limene linasweka moto utayaka kale limakhala ndi mwaye mbali imene inali mkati. Zidutswa zoyera mbali zonse, zogona pa simenti pansi pa phulusa lonse, zimasonyeza kuti zenera linasweka utsi usanafikepo, ndipo pamenepo pafunika kufunsa bwino. Chitseko nachonso chimanena ngati chinali chotseka: m'mphepete mwake mmene munalowa m'felemu ndi mkati mwa mahinjesi opindana mumakhala moyera.

Gawo 5: Lowani kuchokera kumene kwapsa pang'ono kupita kumene kwapsa kwambiri

Mtima umafuna kuthamangira pamene pali makala ambiri. Dziletseni. Yambani m'chipinda chimene changodetsedwa ndi utsi, chifukwa kumeneko zizindikiro zimawerengeka mosavuta ndipo zimaloza kumene kutentha kunkachokera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gawo lino ndi lotsatira ndi amene amafuna kudekhako.

Moto umakwera m'mwamba ndi kutambasuka pamene ukukwera. Utsi wotentha ukafika kudenga umayenda cham'mbali n'kudzaza chipinda kuyambira pamwamba kutsika. Zizindikiro pafupifupi zonse zimachokera pa khalidwe limeneli.

Choyamba ndi mzere wa utsi pakhoma. M'chipinda cha kutali ndi moto, mwaye umathera m'mwamba, mwina pa msinkhu wa mutu. Mukamayandikira kumene unachokera mzerewo umatsika. M'kachipinda kosungira katundu ka golosale ija, mwaye wathera pa mamita 1.5 kuchokera pansi, matumba a shuga apansi ndi abwino, ndipo chitseko chapakati chapsa mbali yoyang'ana kogulitsira pamene mbali inayo yangoda. Moto sunayambire m'kachipindamo, unachita kulowamo.

Chachiwiri ndi chilembo cha V. Moto woyaka pafupi ndi khoma umasiya chizindikiro chopapatiza pansi, chotambalala pamwamba. Tsatirani mbali ziwirizo kutsika kufikira pamene zakumana, ndipo pamenepo panali chinthu chimene chinkayaka. Nthawi zina mkati mwa V mumakhala moyera, pulasitala ikuoneka, chifukwa malawi okhudza khoma amawotcha mwaye womwe. Anthu amaganiza kuti poyerapo moto sunafike, chonsecho ndi pamene panatentha kwambiri. Dziwani malire ake: V amakuuzani kuti apa panayaka kanthu, sakuuzani kuti ndi pamene panayamba. Chigubu cha mafuta ophikira chimene chinagwira moto pambuyo chimasiya V wake, mwinanso wamkulu kuposa woyambayo. Kupapatiza kapena kutambalala kwa V sikuuza liwiro la moto, kumadalira kukula kwa chimene chinkayaka ndi kutalikirana kwake ndi khoma.

Chachitatu ndi mbali imene zinthu zapsera. Mwendo wa tebulo umadyeka kwambiri mbali yoyang'ana moto, ndipo ngodya zake zimakhala zozungulira mbali imeneyo. Matabwa a shelefu amafupika mukamayandikira gwero, ndipo nsonga zake zotsala zimapendekera komweko. Ndowa ya pulasitiki imasungunuka n'kugwera mbali ya moto. Mababu akale agalasi, a mawati oposa 25, amafufuma mbali yoyang'ana kutentha, ngakhale masiku ano ambiri tili ndi mababu osunga magetsi amene sachita zimenezi. Chinthu chimodzi sichikwanira, koma zinthu zisanu kapena khumi zikaloza kona imodzi, mwayandikira. Jambulani mapu a chipindacho ndi kuika kamuvi pa chinthu chilichonse.

Chachinayi ndi kuya kwa makala. Wofufuza amalowetsa kachitsulo kopyapyala kosasongoka, monga sipoko ya njinga, pakati pa chotupa cha khala, osati mumng'alu, mpaka katagunda mtengo wolimba, n'kuyeza ndi rula. Amayeza mtengo wa mtundu umodzi, pa msinkhu umodzi, ndi mphamvu yofanana, ndipo amawerengeranso mtengo umene wapseratu. Paini ndi bulugamu sizipsa mofanana, choncho musaziyerekeze. Pa golosale ija, mizati inayi ya paini yogwira mashelefu akumbuyo, poyeza pa theka la mita kuchokera pansi, ikupereka mamilimita 4, 9, 16 ndi 24 kuchokera kumanja kupita kumanzere. Manambalawa ndi oyerekezera malo ndi malo basi. Musawasandutse mphindi ponena kuti moto unayaka nthawi yakuti, chifukwa kuuma kwa mtengo, penti ndi mpweya zimasintha liwiro la kupsa.

Chomaliza, weramani muone kunsi kwa zinthu. Tebulo lopsa pamwamba koma loyera kunsi linatenthedwa kuchokera kumwamba. Lopsa kunsi linali ndi moto pansi pake. Izi zimathandiza kwambiri pa nyumba ya udzu, pamene denga loyaka limagwera pa chilichonse. Ngati mipando, bedi ndi matumba zonse zapsa pamwamba pokha, ganizirani za moto woyambira padenga, monga nthethe yochokera kukhitchini kapena ku moto wolusa wa m'tchire.

Gawo 6: Samalani ndi zizindikiro zonyenga

Apa ndi pamene anthu osalakwa amapezera mlandu, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa.

Pamene papsa kwambiri si nthawi zonse pamene moto unayambira. M'chipinda chotseka, moto umadya mpweya n'kuyamba kufooka, utsi wotentha wosapsa bwino uli tho. Wina akatsegula chitseko, mpweya watsopano umalowa cham'munsi ndipo utsi uja umayaka pomwepo pakhomo. Ndiponso utsi wa kudenga ukatentha kufika madigiri pafupifupi 600, chilichonse cha m'chipinda chimagwira moto nthawi imodzi, mpaka mkeka ndi matabwa apansi. M'chipinda chaching'ono chodzaza katundu zimenezi zimatha kuchitika m'mphindi zochepa. Zikatero moto umakula kumene kukulowera mpweya, osati kumene unayambira, ndipo umalemba zizindikiro zatsopano pamwamba pa zakale. Choncho pa chizindikiro chilichonse chachikulu dzifunseni zinthu zitatu: kodi pali khomo, zenera kapena chiboo pafupi? Kodi panali katundu woyaka kwambiri, monga matiresi, mafuta, matayala? Kodi china choyaka chinagwerapo kuchokera kumwamba? Chizindikiro chimene sichikufotokozeka ndi zitatuzi ndicho choyenera kuchitsatira.

Pakhomo la golosale ija papsadi kwambiri, felemu yatha ndipo kauntala yadyeka kutsogolo. Koma loko akadali wokhoma pa chidutswa cha chitseko, zotsala za felemu zili ndi mabala a nkhwangwa, ndipo anyamata aja anena kale kuti malawi anakula atangotsegula. Mpweya ukufotokoza zonse za pakhomopo. Sungafotokoze V wa pakona yakumbuyo kumanzere, pamene palibe zenera, amene nsonga yake yathera pa shelefu yachiwiri, masentimita 60 kuchokera pansi, pomwe mzati uli ndi makala a mamilimita 24, pansi pa malata amene asintha mtundu, mbali yomwe mlonda anaona utsi.

Pali zikhulupiriro zina zimene ofufuza akale ankaphunzitsana, zimene kuyesa kunadzasonyeza kuti si zoona. Madontho osalongosoka pansi, ooneka ngati pathiridwa madzi, sasonyeza okha kuti panathiridwa petulo. Pulasitiki yosungunuka, matiresi odontha, kapena chipinda chonse kuyaka pamodzi zimasiya zofanana. Simenti yophulika n'kusenda imabwera ndi chinyezi cha mkati mwake ndi kutentha. Galasi long'aluka timing'alu tambirimbiri nthawi zambiri ndi galasi lotentha limene lathiridwa madzi. Makala onyezimira a matuza akuluakulu sanena kanthu za mafuta. Buku la NFPA 921 la ku America, limene linatuluka koyamba mu 1992 ndipo ofufuza a m'maiko ambiri amalitsatira, linakana zikhulupiriro zimenezi. Komabe mu 2004 boma la Texas ku America komweko linapha Cameron Todd Willingham pokwaniritsa chilango cha imfa chimene khothi linamupatsa pa moto wa mu 1991 umene unapha ana ake atatu, ndipo akatswiri amene anaunikanso umboniwo ananena kuti zizindikiro zapansi ndi magalasi ong'aluka amene anamuweruzira sizinkatsimikizira kuti nyumbayo inachita kuwotchedwa. Ngati khothi lokhala ndi maloya linasocheretsedwa ndi zizindikirozi, gulu la anthu okwiya pamsika lingasochere mosavuta kwambiri, ndipo kuno tikudziwa zimene gulu limachita likagwira munthu womuganizira.

Ngakhale fungo la petulo kapena palafini lifunsidwe kaye. Magolosale ambiri amagulitsa palafini, anthu amasunga petulo wa njinga zamoto m'zigubu, ndipo ena amalowetsa njingayo m'nyumba usiku. Funso ndi lakuti, kodi mafutawo apezeka pamene amakhala masiku onse, kapena pamalo pamene sanayenera kukhala? Zimene zimadzutsadi chikaiko ndi monga moto woyambira malo awiri kapena atatu osalumikizana, khomo lothyoledwa ozimitsa asanafike, kapena katundu amene akuti wapsa koma zotsala zake palibe. Zitini, mabotolo, misomali ndi masipuling'i sizisanduka utsi.

Gawo 7: Kufukula pa gwero

Ntchito iyi ndi ya apolisi ndi wofufuza, inu muwathandize ngati akupemphani. Amadula malowo m'timagawo ta mita imodzi kapena theka la mita, n'kuchotsa phulusa kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, ndi manja ovala magolovesi, kabulashi ndi sefa. Amajambula asanachotse gawo lililonse. Akafika pa simenti amasesa bwino, ndipo pamaoneka malo oyera pamene panakhala miyendo ya tebulo, pansi pa katoni kapena pa ndowa. Malo oyerawa amalola kubwezera zotsala pamene zinali, ndipo zizindikiro za pa katundu ndi za pakhoma zimayamba kugwirizana.

Kenako amalemba chilichonse cha pamalopo chimene chikanatha kuyatsa moto, ndi kuchiyesa chimodzichimodzi. Sikokwanira kuti chinthu chilipo. Chiyenera kuti chinali chotentha pa nthawiyo, ndipo panali chinthu choyaka msanga pafupi nacho.

Mawaya amafuna kusamala. Kopa amasungunuka pa madigiri 1,085, amene moto wa m'nyumba suwafikira kawirikawiri, pamene aluminiyamu amasungunuka pa 660, n'chifukwa chake mapoto amapezeka atasungunuka koma waya ali wonse. Waya wa kopa ukakhala ndi kamkanda kosalala kapena kabala kakang'ono pamalo amodzi, mbali zake zili bwino, ndiye kuti magetsi anathetheka pamenepo. Zimenezi zimatsimikizira kuti wayayo unali ndi magetsi. Sizitsimikizira kuti ndiwo unayambitsa moto, pakuti moto ukasungunula pulasitiki yokutira, mawaya amakhudzana n'kuthetheka. Mawu akuti "ndi shoti" amatuluka msanga kwambiri m'kamwa mwathu. Musaongole waya, musatsegule soketi, musasunthe maswichi a pa bokosi la mabuleka. Ajambuleni mmene alili.

Pa golosale ija pali zinthu zitatu zoyenera kuyesa. Pali ekisitenshoni ya firiji, imene pulasitiki yake yasungunuka kunja koma zitsulo zamkati ndi zabwino, waya alibe mikanda, ndipo magetsi anali atazima usiku wonse, sola mulibe. Pali mbaula, koma yapezeka panja pakhonde, yozizira, makala ake osayatsa. Ndipo pansi pa zotsala za shelefu yachiwiri sefa yagwira kambale kachitsulo, kachingwe kakuda, ndi thabwa limene lamwa phula, pamodzi ndi zotsala za mapaketi a machesi ndi mapepala a kuchimbudzi amene mwini wake anajambula pa shelefu yomweyo. Atafunsidwa modekha, mnyamata wogulitsa m'golosaleyo akukumbukira kuti anayatsa kandulo powerengera ndalama, ndipo sakutsimikiza ngati anaizimitsa. Apa pafunikanso kuyesa: golosaleyo imagulitsa makandulo, kodi phulalo si la m'paketi? Paketi ya makandulo inali pa shelefu yakumanja, ndipo zingwe zake zapezeka komweko, zambiri pamodzi. Kachingwe ka pakona kali kokha, pa mbale.

Gawo 8: Kusunga zotengedwa ndi kulemba zimene zapezeka

Ngati pali chikaiko cha mafuta, phulusa, dothi kapena nsalu za pamalopo zimaikidwa m'chitini chatsopano chotseka bwino, chonga cha penti chimene sichinagwirepo ntchito, kapena m'botolo lagalasi loyera, osadzaza, kusiya malo pamwamba. Jumbo wamba sasunga, mpweya wa petulo umadutsa. Zabwino kutenga ndi zomwa madzi, m'mphepete mwa chizindikiro kapena m'ming'alu ya simenti, osati pakati pamene papseratu. Amatenganso zofanana nazo kuchokera mbali ina ya chipinda kuti oyeza ayerekeze. Magolovesi amasinthidwa pa chitini chilichonse, ndipo jenereta kapena njinga yamoto isayandikire malowo. Pa chitini palembedwe tsiku, nthawi, malo enieni ndi dzina la wotenga, ndipo aliyense wochilandira asaine. Chitini chimene chinagona m'nyumba mwa mwini golosale kapena mwa mdani wake sichingathandize aliyense kukhothi.

Polemba, siyanitsani zimene mwaona, zimene mwamva, ndi zimene mukuganiza. Moto umatha kukhala wangozi, wachilengedwe monga wa mphezi, woyatsidwa dala, kapena wosadziwika chiyambi. Yankho lomalizali ndi lovomerezeka, ndipo pa nyumba yaudzu imene yapseratu nthawi zambiri ndilo loona. Kulephera kupeza chifukwa changozi sikusandutsa moto kukhala woyatsidwa dala. Kuwotcha nyumba ndi mlandu waukulu m'malamulo a Malawi, ndipo umafuna umboni wakewake.

Pa golosale ija, lipoti linganene kuti moto unayambira pa shelefu yachiwiri, kona yakumbuyo kumanzere kwa chipinda chogulitsira, potengera V wa pakhoma, kuya kwa makala pa mizati inayi, malata a pamwamba pake ndi umboni wa mlonda. Kuti kupsa kwa pakhomo kunadza ndi mpweya chitseko chitathyoledwa. Kuti magetsi ndi mbaula zayesedwa ndipo sizikugwirizana ndi zimene zapezeka. Ndi kuti chimene chikugwirizana nazo ndi kandulo yosiyidwa ikuyaka pafupi ndi mapepala ndi machesi. Chitini cha phulusa la pakhomo chipitebe kukayezedwa, popeza anthu anatchula petulo. Apolisi ndi a inshuwalansi akanena kuti atha, chingwe chimasulidwe ndipo abale ayambe kusesa.